Kugawana K100,000 pa Ngabu: chifukwa chake "pakati ndi pakati" sizigwira nthawi zonse

Amene anaimapo pamsika wa ziweto pa Ngabu amaudziwa mchezo wake. Mwini mbuzi atchula mtengo, venda aseka n'kunena kuti "achimwene, imeneyi ndi mbuzi kapena ng'ombe?" Atembenuka ngati akuchoka, aponya mapazi atatu, kenako abwerera n'kuigwiranso mbuziyo pamsana. Pakutha pa mphindi khumi ndalama zasintha manja, ndipo wina mwa awiriwo akubwerera kwawo akudziwa mumtima kuti wadyeredwa.

Timakonda kunena kuti wapambana ndi amene ali ndi pakamwa. Koma pali masamu amene amanena kuti nkhani yambiri imakhala itatha kale anthu asanayambe n'kunenerera komwe. Chimene chimagamula ndi funso limodzi: tikalephera kugwirizana, iwe utsala ndi chiyani, ine nditsala ndi chiyani?

Masamuwa anawayala ndi John Nash, katswiri wa ku America amene anabadwa mu 1928 n'kumwalira pangozi ya galimoto mu 2015. Mu 1950, ali ndi zaka za m'ma 20 zoyambirira, anatulutsa mfundo ziwiri zosiyana, ndipo yoyambayo ndi imene inam'pezetsa mphoto ya Nobel ya zachuma mu 1994. Anthu amakonda kuzisakaniza mfundo ziwirizi. Tiyeni tizione imodziimodzi pogwiritsa ntchito ndalama zomwezomwezo.

Ngolo ya wina, ng'ombe za wina

Tiyerekeze kuti ndi nyengo yogulitsa thonje. Wogula wina akufuna kuti mabelo achoke kumudzi afike pamsika pa Ngabu, ndipo wati alipira K100,000 ntchito yonse, osawonjezera ngakhale tambala. Pamudzipo pali anyamata awiri. Wina ali ndi ngolo koma alibe ng'ombe. Wina ali ndi ng'ombe ziwiri zokoka koma alibe ngolo. Palibe angaigwire yekha ntchitoyi. Manambala onse amene tigwiritse ntchito ndi ongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino, ndipo titenge kuti K100,000 imeneyi ndi yotsala atachotsa kale zolipira onyamula ndi zina zing'onozing'ono.

Aliyense mwa awiriwa ali ndi kwina kolowera zikakanika. Mwini ng'ombe akhoza kukakoka ngolo ya munthu wina masiku omwewo n'kupeza K30,000. Mwini ngolo akhoza kuibwereketsa kwa wotunga madzi n'kupeza K10,000. Ndalama imene munthu amatsala nayo zokambirana zikagwa tizingoitchula kuti pothawira pake. Musaiwale mawu amenewa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa.

Mfundo yoyamba: pamene palibe akufuna kusuntha yekha

Wogula thonje uja watopa ndi mikangano, ndiye wati: "Aliyense anditumizire meseji pafoni, mosaonetsana, ndalama imene akufuna. Zikaphatikizidwa n'kusapitirira K100,000, aliyense alandira zimene walemba. Zikapitirira, ntchito ndipatsa ena." Mchezo uwu Nash anaulemba mu 1953.

Tsopano funso la Nash ndi ili. Manambala awiri aja ataululidwa, kodi alipo amene anganene kuti "ndikanadziwa zimene mnzangayu walemba, ndikanalemba zina"? Ngati palibe, ndiye kuti zinthu zakhazikika. Ophunzira zachuma amati ikwilibiliyamu ya Nash. Ife tiziti pokhazikika pa Nash: pamene aliyense wachita chomukomera kwambiri poona zimene mnzake wachita, moti palibe angapindule posintha yekha.

Tiyese. Onse alemba K40,000. Apa sipokhazikika, chifukwa K20,000 yatsalira wogula uja, ndipo aliyense akudziluma chala kuti akanalemba K60,000. Onse alemba K60,000. Apanso ayi, chifukwa zakwana K120,000, ntchito yapita, ndipo mwini ngolo akanangotsika kufika pa K40,000 bwenzi ali ndi K40,000 m'malo mwa K10,000.

Nanga aliyense akalemba K50,000? Apa pakhazikika. Ukakweza pang'ono, ntchito yagwa. Ukatsitsa, wadziluza wekha. Mpaka apa zikumveka ngati masamu akugwirizana ndi zimene tinkadziwa kale.

Koma taonani izi. Mwini ng'ombe walemba K85,000, mwini ngolo K15,000. Mwini ngolo atakweza, zipitirira K100,000 ndipo abwerera ku K10,000 yake. Atatsitsa, waluza. Ndiye ngakhale zikumuwawa, K15,000 ndiye yankho lake labwino pa K85,000 ya mnzakeyo. Apanso pakhazikika. Chimodzimodzi mwini ngolo atatenga K65,000 n'kusiyira mnzake K35,000. Kugawana kulikonse kokwana K100,000 ndendende, bola mwini ng'ombe asatsike pa K30,000 ndipo mwini ngolo asatsike pa K10,000, ndi pokhazikika pa Nash.

Palinso pena poipa kwambiri. Aliyense akalemba K100,000 yonse, ntchito yagwa, koma palibe angakonze zinthu payekha. Mwini ngolo kuti apulumutse ntchitoyo ayenera kulemba ziro, pamene kwina kuli K10,000 ikumudikira. Onse angokhala, K60,000 yapita ndi mphepo, koma masamu akuti pakhazikika ndithu.

Phunziro lake n'lakuti kukhazikika si chilungamo, komanso si ubwino. Mukaona mtengo woipa ukukhalitsa pamsika chaka ndi chaka, sikuti anthu ndi opusa. Nthawi zambiri aliyense akuchita chanzeru payekha, ndipo woyamba kusuntha yekha ndi amene amapsa. Mfundo yoyambayi imatiuza malo amene zinthu zingaime, koma siitiuza kuti mwa malo ambirimbiriwo anthu ayenera kusankha pati.

Mfundo yachiwiri: nanga tigawane bwanji?

Apa ndi pamene pakubwera pepala lina la Nash la mu 1950, limene linatuluka m'magazini ya zachuma ya Econometrica. M'menemo anafunsa kuti: anthu awiri anzeru atakhala pansi n'kukambirana maso ndi maso, ndi kugawana kotani kumene kungakhale komveka? Anaika malamulo anayi. Pasatsale phindu patebulo limene wina akanatenga popanda kupweteka mnzake. Anthu ofanana pa zonse alandire zofanana. Yankho lisasinthe chifukwa choti wina akuwerengera phindu lake ndi muyezo wina. Ndipo kuchotsa njira imene sikanasankhidwa n'komwe kusasinthe chisankho. Anaonetsa kuti pali yankho limodzi lokha lokwaniritsa zinayi zonsezi.

Yankholo limapezeka chonchi. Pa kugawana kulikonse, onani ndalama imene aliyense wapeza pamwamba pa pothawira pake, kenako chulukitsani manambala awiriwo. Pamene zotsatira zakula kwambiri, ndi pomwepo. Tiwerenge m'masauzande, kuyamba ndi gawo la mwini ng'ombe:

- 50 ndi 50: phindu 20 ndi 40, kuchulukitsa 800
- 55 ndi 45: phindu 25 ndi 35, kuchulukitsa 875
- 60 ndi 40: phindu 30 ndi 30, kuchulukitsa 900
- 65 ndi 35: phindu 35 ndi 25, kuchulukitsa 875
- 70 ndi 30: phindu 40 ndi 20, kuchulukitsa 800

Nambala ikukwera mpaka 900 kenako n'kuyamba kutsika. Yankho la Nash ndi K60,000 kwa mwini ng'ombe, K40,000 kwa mwini ngolo.

Simukufunika kuchulukitsa nthawi zonse. Ngati onse awiri amaiona kwacha mofanana, pali njira yachidule imene mungachite pa kakyuleta ya pafoni. Choyamba aliyense atenge pothawira pake: K30,000 uku, K10,000 uku. Zatsala K60,000. Imeneyi ndiye ndalama yeniyeni imene mgwirizano wabweretsa, ndipo ndi yokhayo yoyenera kudulidwa pakati. Aliyense K30,000. Mwini ng'ombe 30 kuphatikiza 30, mwini ngolo 10 kuphatikiza 30.

Mwini ngolo akhoza kudandaula kuti: "Aise, ntchito tigwira limodzi, dzuwa la pa Ngabu litiwotcha limodzi, iwe utenge zambiri bwanji?" Yankho la mnzake n'losavuta: "Pa 50 ndi 50, iwe wawonjezera K40,000 pa zimene ukanapeza, ine K20,000 yokha. Ndiye wadyera mnzake ndani?" Onse akunena za chilungamo, kungoti wina akuwerenga kuyambira pa ziro, wina kuyambira pa zimene wasiya kuti abwere.

Pakati ndi pakati imagwira pamene pothawira pafanana. Mwini ngolo atapeza wina wofuna kuibwereka pa K30,000, zotsala zikhala K40,000, aliyense K20,000 pamwamba pa K30,000, ndipo afika pa 50 ndi 50. Onani kuti pothawira pake pakwera ndi K20,000 ndipo gawo lake lakwera ndi K10,000. Lamulo lake ndi limenelo: K2,000 iliyonse imene mwawonjezera pothawira panu imakubweretserani K1,000 patebulo, osakweza mawu n'komwe.

Njira yomweyi imakuuzaninso nthawi yochoka. Mwini ng'ombe atakhala ndi ntchito ina ya K70,000, mwini ngolo ina ya K40,000, pamodzi ndi K110,000. Palibe chogawana. Kukana ntchito ya thonje ija sikukhala dyera, ndi masamu chabe.

Mtengo wa mbuzi ndi kugawananso

Tibwerere kumsika kuja. Kunenerera mtengo kumaoneka ngati nkhani ina, koma ndi yomweyi. Tinene kuti mlimi sangagulitse mbuzi yake pansi pa K80,000, chifukwa pamtengo wotsika kuposa apo bola kubwerera nayo kukhola. Venda wochokera ku Blantyre, atawerengera thiransipoti, chiphaso choyendetsera ziweto ndi mtengo umene akagulitsire, sangapitirire K120,000. Pakati pa manambala awiriwa pali K40,000, ndipo imeneyi ndi imene akulimbirana. Yankho la Nash ndi K100,000.

Tsopano ikhale Januwale. M'nyumba ufa watha, mwana akufunika fizi Lolemba. Kubwerera ndi mbuzi kukhola sikulinso njira, ndipo mlimi uja alola ngakhale K60,000. Mbuzi ndi yomweyo, venda ndi yemweyo, koma pakati pa 60 ndi 120 ndi K90,000. Njala yamudyera K10,000 asanatsegule pakamwa. Ndipo ngati venda waona kuti munthuyu sangadikire ngakhale ola limodzi, mtengo utsika kuposa apo.

Za kudikiraku anaziwerengera bwino Ariel Rubinstein mu 1982. Anaonetsa kuti anthu awiri akamasinthana mitengo, uyu atchula, uyu akana n'kutchula wake, amene kuchedwa kukumupweteka kwambiri ndi amene amalandira zochepa. Kuchigwa cha Shire izi si za m'kalasi. Madzi osefukira ngati a namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 akakokolola mbewu, mabanja ambiri amafuna ndalama nthawi imodzi, ndipo chogulitsa chimene chatsala ndi chiweto. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka ku Chikwawa kapena ku Nsanje, boma limatseka misika ya ziweto n'kuletsa kuziyendetsa. Cholinga n'chabwino, kuteteza ziweto za dziko lonse, koma kwa mlimi zimatanthauza kuti mawu akuti "ndikagulitsa kwina" atha mphamvu.

Ndi chifukwa chakenso mtengo woyambira umene boma limalengeza pa mbewu monga thonje umagwira ntchito pokhapokha ngati pali wogula weniweni, wa ndalama m'manja, pamtengo umenewo. Nambala ya papepala si pothawira. Pothawira ndi pamene ungapitedi lero n'kulandira.

Pamene masamu amaterereka

Vuto loyamba ndi bodza. M'chitsanzo chathu tinatenga kuti aliyense akudziwa pothawira pa mnzake. M'moyo weniweni sizikhala choncho. Mwini ng'ombe atanama kuti kwina akumupatsa K50,000, mnzake n'kukhulupirira, zotsala zikhala K40,000 ndipo iye atenga K70,000. Bodza lamupezera K10,000. N'chifukwa chake pamsika aliyense ali ndi "kasitomala wina amene akubwera pompano".

Koma mwini ngolo naye si mwana. Akanama kuti ngolo yake ikufunidwa pa K60,000, mabodza awiriwa akwana K110,000, ndipo onse aona ngati palibe chogawana. Asiyana, wina apeza K30,000, wina K10,000, ndipo K60,000 yatayika pa ntchito imene ikanawakomera onse. Madilu ambiri abwino amafa chonchi.

Mungadziwe bwanji kuti pothawira pa mnzanu ndi penipeni? Funsani zinthu zoti zitsimikizike: ntchito inayo ndi ya ndani, iyamba liti. Pamalo ngati Ngabu, pamene anthu amadziwana, foni imodzi imakwana. Onaninso mapazi, osati pakamwa. Amene alidi ndi kwina sachedwa, amatsanzika mwaulemu n'kupita. Amene wanena katatu kuti "basi ndikupita" koma akadali pompo, wakuuzani kale zoona.

Vuto lachiwiri ndi lakuti anthu si makakyuleta. Mu 1982 Werner Güth ndi anzake ku Germany anayesa mchezo wina wosavuta. Munthu mmodzi apatsidwa ndalama n'kuuzidwa kuti atchule gawo la mnzake. Mnzakeyo akavomera, agawana choncho. Akakana, onse alandira ziro. Kwa munthu wongofuna ndalama basi, ngakhale kachidutswa n'kabwino kuposa ziro, ndiye woyambayo akanayenera kupereka kochepetsetsa. Koma mchezowu wabwerezedwa m'mayiko ambiri, ndipo anthu ochuluka amapereka pakati pa 40 ndi 50 pa 100 iliyonse. Zopereka zochepera 20 pa 100 zimakanidwa kawirikawiri. Munthu amalolera kuluza kuti wadyera naye aluze.

Mu 2001 gulu la Joseph Henrich linatulutsa zotsatira za mchezo womwewu m'magulu 15 a anthu akumidzi, kuphatikizapo Ashona a ku Zimbabwe ndi Ahadza a ku Tanzania. Zimene anthu ankapereka zinkasiyana malinga ndi chikhalidwe. Amachiguenga a ku Peru ankapereka pafupifupi 26 pa 100, pamene a ku Lamalera ku Indonesia, amene amasaka anamgumi m'magulu, ankapereka zoposa theka. Koma panalibe gulu limene linachita ngati munthu wa dyera lokhalokha uja.

Kwa anyamata athu awiri, izi zikutanthauza kuti 85 ndi 15 ikhoza kukhala yokhazikika papepala, koma mwini ngolo akhoza kukana chifukwa cha ulemu wake. Komanso thonje lidzabweranso chaka chamawa. Amene wafinya mnzake lero adzafuna ngolo yomweyo mawa, ndipo mbiri yake idzakhala itamveka kale mudzi wonse. Mwina awiriwa adzagwirizana pa 55 ndi 45, wina n'kusiya K5,000 kuti ubale ukhale. Sikuti masamu alakwa. Kungoti patebulo panali zambiri kuposa K100,000 ya lero.

Musanakhale pansi

Ndiye mukakhala ndi chogawana, kaya ndi ndalama ya ganyu imene mwagwira awiri, kaya ya tsiku pakati pa mwini njinga ya kabaza ndi woyendetsa, kaya mtengo wa mbuzi, lembani manambala atatu musanayambe kulankhula. Ndalama yonse ndi zingati mutachotsa zowonongera. Zikakanika, inu mutsala ndi zingati. Zikakanika, mnzanuyo atsala ndi zingati. Chotsani ziwiri zomalizazo pa yoyamba, dulani pakati chotsalacho, n'kuwonjezera theka pa pothawira panu. Nambala imene mwapezayo ndi yoti mungaiteteze popanda kukalipa, chifukwa mnzanuyo akhoza kuiwerengera yekha pafoni yake.

Ikakhala yochepa kuposa mmene mumafunira, mankhwala ake sali patebulo. Ali dzulo lake. Imbirani ogula awiri kapena atatu musananyamuke ndi mbuzi, kuti wachiwiri akhale pothawira panu pamaso pa woyamba. Ngati muli mu banki nkhonde, kangongole kakang'ono kolipirira fizi kakhoza kukugulirani milungu iwiri yodikira, ndipo m'chitsanzo chathu kudikirako kunali ndi mtengo wa K10,000. Werengerani kaye chiwongoladzanja, chifukwa chikaposa pamenepo mwangosamutsa vuto. Alimi akagulitsa pamodzi ngati kalabu, amachepetsa pothawira pa venda, chifukwa sangangosuntha mapazi asanu n'kukagula kwa neba wanjala.

Venda uja wa pa Ngabu akatembenuka n'kuponya mapazi atatu, amakhala akufunsa funso limodzi basi: kodi munthuyu angabwerere nayo mbuziyi kwawo? Ngati yankho lili inde, mudzamuona akubwerera yekha.